Imelo yopempha komiti kuti ikweze kalaliki wanga: ndilembemo chiyani?

*Alangizi, ndine manijala wa depoti yogulitsa mbewu ndi feteleza ku Kasungu. Kulikulu kwapezeka mpata wa woyang'anira nyumba yosungiramo katundu, ndipo andiuza kuti ngati ndili ndi munthu nditumize imelo ku komiti yoona zokweza anthu pantchito. Ndili ndi kalaliki, mayi amene ndagwira naye zaka zinayi. Ndalemba kuti ndi wolimbikira, wokhulupirika, woopa Mulungu, komanso kuti akulera okha ana atatu. Yangokwana mizere isanu. Ndiwonjezere chiyani? China, timapemphera mpingo umodzi. Ndizitchule?*

Bambo, musanawonjezere kanthu, yambani mwafufuta. Taganizani za anthu amene akawerenge imeloyo. Akhala pagome kulikulu, mwina anayi kapena asanu: wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, wa zachuma, mkulu woona za katundu. Ambiri a iwo mayiwa sanawaonepo ndi maso. Patsogolo pawo pali maimelo a mamanijala a madepoti ena, ndipo manijala aliyense walemba kuti munthu wake ndi wolimbikira ndi wokhulupirika. Mawu amenewa ndi oona, koma poti aliyense wawalemba, sathandiza komiti kusiyanitsa wanu ndi wa ku Mchinji. Chimene iwo akufuna ndi zinthu zoti angathe kutsegula fayilo ndi kuzipeza momwe mwaneneramo.

Ndiye pemphani kaye pepala lofotokoza ntchito za udindo watsopanowo. Ngati silinabwere limodzi ndi chidziwitso cha mpatawo, liitanitseni ku ofesi yolemba anthu ntchito. Apa ndi pamene mamanijala ambiri amaphonya: amatamanda munthu pa ntchito imene akugwira kale, pamene komiti ikufunsa za ntchito imene sanayambe. Kalaliki amalemba makhadi a sitoko, amalandira katundu, amasunga mapepala. Woyang'anira amachita zina: amalamulira anthu, amagawa ntchito kwa aganyu onyamula matumba ndi alonda, amasainira katundu wa ndalama zambiri, amalemba lipoti la pamwezi, ndipo aodita akabwera amene amayankha mafunso ndi iyeyo. Pa mfundo iliyonse ya papepalalo dzifunseni kuti, kodi mayiwa anachitapo zofanana ndi zimenezi? Liti? Zinatha bwanji? Mukapeza zitatu zokhala ndi yankho lomveka, imelo yanu yapezeka. Zitatu zakwana. Mukaunjika khumi, zamphamvu zija zimamira m'zopanda pake.

Umboni wabwino kwambiri ndi wa nthawi imene munthu anagwirizira udindo. Kumbukirani pamene inu munali patchuthi kapena kumaliro. Anasunga makiyi ndani? Ngati anali mayiwa, lembani masiku ake enieni, ndipo ngati inali nyengo ya Okutobala mpaka Disembala, pamene alimi amadzadza pakhomo kufuna feteleza mvula isanawapitirire, nenani zimenezo, chifukwa aliyense wa m'komitimo akudziwa kuti sabata imodzi ya nyengo imeneyo imalemera kuposa mwezi wonse wa Juni. Sankhaninso za chaka chatha kapena zaka ziwiri zapitazi. Tsabola wakale sawawa.

Manambala amene mukufuna muli nawo kale m'kabati. Tengani malipoti a kuwerenga sitoko muone kusiyana kwa matumba olembedwa pakhadi ndi matumba opezeka pansi. Tengani lipoti la aodita, ndi fomu yomwe munawunikirapo ntchito ya mayiwa chaka chatha. Fomuyi muiwerenge mosamala. Ngati pamenepo munawapatsa malikisi apakatikati, kenako mu imelo n'kunena kuti palibe wofanana nawo, komiti idzaika mapepala awiriwo pamodzi, ndipo amene adzakayikiridwe ndinu.

Imeloyi mwina mudzailemba m'Chingerezi, poti ndi mmene maofesi athu amayendera, koma ndiilemba m'Chichewa kuti muone mafupa ake. Manambalawa ndangoyerekeza, inu muikemo anu enieni. Pa bokosi la `Subject` lembani zimene imeloyo ili, dzina la munthu, nambala yake ya pantchito ndi udindo umene akufunsira, kuti mlembi wa komiti asavutike kuifufuza. Mkatimo mukhale motere:

"Kwa Wapampando ndi mamembala a komiti. Ndikupempha kuti Mayi Uje, kalaliki wa sitoko pa depoti ya Kasungu, akwezedwe kukhala woyang'anira nyumba yosungiramo katundu. Ndakhala bwana wawo mwachindunji zaka zinayi.

Mu Novembala chaka chatha ndinali patchuthi masabata atatu, ndipo iwo anagwirizira. Analandira matumba 2,400 a feteleza a makilogalamu 50, anayang'anira aganyu asanu ndi atatu ndi alonda awiri, ndipo titawerenga sitoko nditabwerera panalibe thumba losowa.

Iwo asanayambe kulemba makhadi tsiku lomwelo katundu watuluka, powerenga sitoko pankasiyana matumba pafupifupi 15 pa miyezi itatu iliyonse. Pa maulendo anayi apitawa sipanasiyane matumba oposa awiri, ndipo awiriwo anafotokozeka ndi mapepala. Ndi iwonso amene anayambitsa zoti mbewu yofika poyamba izituluka poyamba, moti chaka chino sitinabweze mbewu yogonera.

Pamene akufunika thandizo ndi pa kulemba lipoti la pamwezi pakompyuta. Ayamba kulemba okha kuyambira Malichi, ine n'kumawongola, ndipo malipoti awiri omalizawa sindinasinthemo kanthu. Ali ndi satifiketi ya MSCE ndipo ali m'chaka chomaliza cha dipuloma ya zogula ndi kusunga katundu.

Ndikudziwitsanso komiti kuti ine ndi Mayi Uje timapemphera mpingo umodzi. Si achibale anga. Ndaikamo fomu yowunika ntchito, malipoti anayi a sitoko ndi masatifiketi. Ndili wokonzeka kuyankha mafunso."

Mwaona kuti mawu oti "wokhulupirika" mulibe, koma munthu wowerenga za matumba 2,400 osasowapo limodzi anena yekha mawuwo. Mwaonanso kuti pempho lili pamzere woyamba. Ife timakonda kuyamba ndi malonje aatali, nkhani yeniyeni n'kubwera pamapeto ngati tikukafunsira mbeta. Ku komiti ayi, nenani chomwe mwadzera pomwepo.

Ndime ya chofooka ija anthu ambiri amaiopa, amati ndikuononga mwayi wa munthu wanga. Ine ndimaona mosiyana. Komiti ikudziwa kuti palibe kalaliki amene wakonzeka pa chilichonse, ndipo imelo yopanda chilema imamveka ngati yolembedwa ndi mlamu wake. Mukatchula chofooka chimodzi chenicheni, n'kusonyeza chimene chikuchitika kuti chithe, zina zonse zija zimakhulupirika. Koma chikhale chofooka chophunzirika, monga kompyuta kapena kulemba malipoti. Ngati vuto lili loti ndalama zinasowapo m'manja mwake, kapena ali ndi kalata ya chenjezo imene sinathe nthawi, funso si loti mulembe bwanji, ndi loti mulembe n'komwe. Kubisa sikuthandiza, poti fayilo ya munthuyo ili kulikulu komweko. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsogola: imelo imasungidwa, ndipo munthuyo akadzalephera paudindo idzatulutsidwa dzina lanu lili pansi.

Za ana atatu zichotseni, ngakhale ndikumvetsa kuti mwalemba ndi mtima wabwino. Kukwezedwa si thandizo la ovutika, ndipo mzere umenewo ukhoza kuwavulaza mayiwa. Wina m'komitimo akhoza kuganiza chamumtima kuti, mayi wolera yekha ana angathe kudikira thiraki yofika usiku? Lamulo lathu la zantchito la chaka cha 2000, pa gawo 5, limaletsa kusala wantchito chifukwa cha zinthu monga kukhala mwamuna kapena mkazi, chipembedzo, mtundu, kukhala pabanja kapena ayi, ndi udindo wosamalira banja. Choncho musapatse komiti zinthu zimene siyenera kuziganizira n'komwe. N'chimodzimodzi ndi "woopa Mulungu", zaka zakubadwa, kwawo kwa munthu, kapena matenda amene anadwalapo.

Mwina mufunsa kuti nanga bwanji za mpingo ndazitchula mu imelo ija. Pali kusiyana. Kulemba kuti munthu ndi wopemphera ngati chifukwa chomukwezera n'kulakwa. Kuulula kuti inu ndi iye mumakumana kwina kunja kwa ntchito n'kudziteteza nonse awiri. Kasungu ndi yaing'ono, ndipo nkhani yoti bwana wakweza wa kumpingo kwake idzafika kulikulu ngakhale inu mutakhala chete. Ikafika kudzera mwa kalaliki wina wokhumudwa imanunkha. Ikachokera kwa inu nokha, m'chiganizo chimodzi, imathera pomwepo. Dzina la mpingo musalitchule. Akanakhala m'bale wanu weniweni ndikanati musalembe ndinu, mupemphe mkulu wina amene amaidziwa ntchito yawo.

Ngati pa depotipo pali makalaliki ena amene nawonso akufunsira, musawanyoze mu imeloyi pofuna kukweza wanu. Komiti ikakufunsani kuti muwayerekeze, mudzayankhe pamenepo, ndi mapepala.

Potumiza, gwiritsani ntchito imelo ya kampani, ipite kwa mlembi wa komiti kapena adiresi imene inalembedwa pachidziwitso, tsiku lotsekera lisanakwane. Mapepala mulumikize ngati `PDF`, osati zithunzi zojambula pafoni zopendekera. Pa `Cc` musaikepo mayiwa, chifukwa wina akayankha onse nthawi imodzi adzaona zokambirana zimene si zawo. Ndipo musatsatize ndi uthenga wa pa WhatsApp kwa membala amene mumadziwana naye woti "mumuganizire ameneyo". Zikadziwika, zimadetsa imelo imene inali yoyera.

Kwa owerenga amene ali m'boma, njira ndi ina pang'ono. Kumeneko amene amakweza anthu ndi makomishoni, monga ya ogwira ntchito m'boma, ya aphunzitsi, ya azaumoyo ndi ya makhonsolo, kawirikawiri kudzera pa mpata wolengezedwa ndi intavyu. Kalata ya hedimasitala kapena mkulu wa chipatala imathandizira, koma payokha sikweza munthu giredi.

Mayiwa muwauze pamaso kuti mwatumiza dzina lawo, ndipo muwauze mfundo zitatu zimene mwalemba, pamodzi ndi chofooka chija, kuti akaitanidwa ku intavyu asakadabwe akafunsidwa za lipoti la pakompyuta. Akhale ndi manambala omwewo m'mutu: matumba angati, aganyu angati, mwezi uti. Musawalonjeze udindo, poti osankha si inu. Komiti ikasankha wina, lemberani mlembi imelo yaifupi yofunsa pamene munthu wanu anaperewera, ndipo yankholo mulilowetse mu fomu yowunika ntchito ya chaka chino.