Mayi wa ku Chilobwe akungoti “mubwere mawa”: mafunso akonzedwe bwanji?

“Ndikujambula filimu yaifupi ya anthu amene anapulumuka namondwe wa Freddy ku Chilobwe. Pali mayi wina amene anataya ana awiri ndi nyumba. Anavomera kuti ndiwajambule, koma ndapitako katatu, amangoti ndibwere mawa. Ndalemba mafunso 30. Ndiyambire pati, nanga akayamba kulira nditani?” Watero mnyamata wina wa ku Ndirande pa imelo.

Achimwene, ulendo wachinayi kamera muisiye kunyumba. Kwathu kuno munthu wamkulu sakanitsitsa mlendo pamaso, ndiye “mawa” wachitatu akhoza kukhala kukana kwaulemu, kapena mantha amene sanawatchule. Pitani ndi munthu amene mayiwo amamukhulupirira, monga mayi wa mumpingo wawo, ndipo mfumu ya deralo ikhale ikudziwa kuti mukuyenda kumeneko. Mukalonjerana, pepesani maliro kaye ngati mmene mungachitire pasiwa. Kenako funsani poyera: “Amayi, chikukuvutani n'chiyani pa nkhani yojambulayi? Mukati ayi, sindidandaula.” Akakana, nkhani yathera pomwepo, musatumizenso anthu okawanyengerera.

Nthawi zambiri chifukwa chimatuluka. Ena amaopa kuonedwa akulira pa foni za aneba. Ena amaopa abale a kuchimuna. Ndipo ambiri amene anakhala m'misasa matope atatsika m'phiri la Soche mu Malichi 2023 anazolowera kuti wobwera ndi kope kapena kamera akulemba mayina a olandira thandizo. Apa nenani zoona zokhazokha: filimuyi sibweretsa malata kapena ufa, idzaonetsedwa kwakutikwakuti, ndipo ikangoikidwa pa intaneti kuibweza n'kovuta. Ngati vuto ndi nkhope, mukhoza kujambula manja ndi msana, kapena kutenga mawu okha. Kupita ndi shuga ndi sopo ngati mlendo si kulakwa, koma musalonjeze ndalama posinthana ndi nkhani, chifukwa wolipidwa amayamba kunena zimene akuganiza kuti inu mukufuna kumva.

Mafunso 30 ndi ochuluka. Atsale 10 kapena 12, okwana pepala limodzi, ndipo muwaloweze pamtima kuti maso anu akhale pa mayiwo. Chachikulu ndi ndondomeko yake. Mafunso atatu oyamba akhale a moyo wakale: anabwera liti ku Chilobwe, nyumbayo anaimanga bwanji, m'mawa wa tsiku wamba unkayenda bwanji pakhomopo. Amenewa si otayira nthawi. Munthu amazolowera kamera m'mphindi khumi zoyambirira, komanso woonera sangamve kukula kwa chimene chinatayika ngati sanachione chili chamoyo. Kenako mafunso a anawo ali moyo: “Wamkuluyo ankakonda chiyani akaweruka kusukulu?” Funsani pasadakhale ngati akufuna kuti mayina a anawo atchulidwe.

Mukafika pa usiku wa ngoziyo, funsani zinthu zogwirika, motsata nthawi. “Munali mbali iti ya nyumba?” “Choyamba kumva chinali chiyani?” “Kenako?” Funso loti “munamva bwanji mumtima?” lisiyeni, yankho lake limangokhala “zinandiwawa”, basi. Loti “n'chifukwa chiyani simunathawe msanga?” ndi loipa koposa, chifukwa kholo loferedwa limakhala likudziimba kale mlandu umenewo usiku uliwonse. Musaikenso mawu m'kamwa mwawo, monga “munachita mantha kwambiri, eti?” Ndipo musamalizire pa imfa. Mafunso awiri omaliza awabwezere ku lero: ndani anawagwira dzanja, akukhala bwanji tsopano, ndipo pali chimene akufuna kunena chimene simunafunse.

Musanayatse kamera, auzeni ulendo wonsewo mwachidule, kuti funso lowawalo lisawadzidzimutse. Gwirizanani chizindikiro: akakweza dzanja, mwaima, popanda kufunsa chifukwa. Chilolezo chijambulidwe ndi mawu awo m'Chichewa, makamaka ngati kuwerenga fomu kumawavuta. Pali kanthu kena kamene ojambula atsopano amaiwala. Ife pocheza timavomerezana, “eya”, “inde”, “ayi zoona”, ndipo kukhala duu wamkulu akulankhula kumaoneka mwano. Koma mawu anuwo akalowa pamwamba pa awo, simungawachotse pokonza filimu. Choncho afotokozereni: “Amayi, ndizingogwedeza mutu, sikuti sindikumva ayi.”

Kupatula mayiwo, anthu m'chipindamo asapose atatu: inu, wa kamera, ndi mnzawo amene asankha okha. Ana a m'mudzi ndi aneba osuzumira pawindo amatseka munthu pakamwa, ndiye wina aime panja. Mayiwo akakhala pamphasa, inunso khalani pansi, kamera itsike ifanane ndi maso awo, patali mamita awiri, inu pambali penipeni pa lenzi. Lenzi ya 50mm mpaka 85mm imakupatsani nkhope bwinobwino popanda kuwayandikira. Kamaikolofoni ka pachifuwa wowaika akhale mayi mnzawo, osati inu, ndipo mvetserani ndi mahedifoni ngati sikakukhuzana ndi nsalu kapena mkanda. Batire ikhale yodzaza ndipo memori khadi ikhale ndi malo a ola lathunthu, chifukwa kuimitsa mayi pakati pa nkhani ya mwana wake kuti musinthe batire ndi nkhanza, ndipo sadzainenanso chimodzimodzi. Tsiku la mvula musajambule. Phokoso la pamalata limaononga mawu, komanso kwa munthu wa ku Chilobwe phokoso lomwelo ndi limene linatsogolera matope.

Tsopano za misozi. Tinene kuti mwafunsa kuti, “Kutacha munapita kuti?” Mayiwo akuti, “Ndinapita ku Gulupu kukayang'ana…”, mawu n'kuthera pakhosi, akukokera nsonga ya chitenje kumaso. Musalankhule. Werengani mumtima mpaka khumi. Wa kamera asakokere chithunzi pafupi, asasunthe n'komwe. Musati “musalire” kapena “limbani mtima”, chifukwa mawu amenewa amamveka ngati kulirako kwakusowetsani mtendere. Kawirikawiri munthu amapuma mozama n'kupitiriza yekha, ndipo zimene amanena pamenepo ndi zimene palibe funso likanazitulutsa. Chete akapitirira, funsani kamodzi, motsitsa mawu: “Tiyime kaye, amayi?” Akati tipitirize, alemekezeni, pitirizani. Ena akhala nthawi yaitali osapeza wowamvetsera.

Koma kulira n'kosiyana ndi kubwerera m'ngoziyo. Mukaona maso angoti tong'o pamalo amodzi, kupuma kwafulumira, manja akunjenjemera, kapena ayamba kulankhula ngati zikuchitika pompano, “madzi akubwera, madzi akubwera”, musafunsenso chilolezo. Zimitsani kamera, muitembenuzire kukhoma kuti aone okha kuti yazima. Atchuleni ndi dzina lawo, apatseni madzi akumwa, mnzawo uja awagwire dzanja, ndipo lankhulani za pafupi, monga chimene aphike masana. Tsiku limenelo nkhani ya usiku uja isabwerenso. Musanapite kukajambula, dziwiranitu kumene angapeze uphungu, kuchipatala chapafupi kapena kumpingo kwawo, chifukwa inu si mlangizi.

Kucheza konse kusapitirire mphindi 45 mpaka ola limodzi. Mukamaliza, pemphani onse akhale chete masekondi 30 kuti mujambule phokoso la chipindacho, lidzakuthandizani polumikiza mawu. Kenako funsaninso: “Pa zimene mwanenazi, pali chimene simukufuna kuti anthu amve?” Munthu akatengeka amatha kutchula m'bale amene anamukana malo ogona, mawa n'kudandaula. Chimene akana, chilembeni pomwepo ndipo chisalowe. Musanyamule zida n'kuthamangira minibasi, khalani pang'ono mucheze zina. Pakatha masiku awiri imbani foni kapena pitaniko kukawaona, ndipo filimu isanaonetsedwe kwa anthu, aonetseni gawo lawo ali kunyumba kwawo, mnzawo uja ali pambali.