Muyeso wa difarenshiyo: M apite ndi p, N apite ndi T

"Anzanga, pa pV = nRT ndidziwa bwanji kuti difarenshiyo ndi ekizakiti? Ndikawerengera dV mbali ziwiri zija sizikufanana, ndipo mayeso ndi Lachisanu."

Achemwali, ndikukayikira kuti mwagwa m'dzenje lomwe ndinagwamo ine chaka chachiwiri, pamene ndinkakhala ku Chikanda. Mnyamata wina wa chaka chachinayi, yemwe tinkamulipira kuti azitiphunzitsa madzulo, anatiuza mosakayika kuti chimene chili pambali pa dT tichidifarenshiyete ndi T, ndipo chimene chili pambali pa dp tichidifarenshiyete ndi p. Tinalemba tonse asanu ndi mmodzi, popanda wofunsa. Zoona zake n'zakuti mumasinthanitsa, ndipo ndikuonetsani ndi molo imodzi ya gasi.

Yambani ndi V = RT/p. Voliyumu ikudalira zinthu ziwiri, temperecha ndi puresha, choncho:

dV = (R/p) dT − (RT/p²) dp

Chimene chikuchulukitsa dT tichitche M, ndiye M = R/p, ndipo chimene chikuchulukitsa dp tichitche N, ndiye N = −RT/p², pamodzi ndi mainasi yake. Tsopano M mumudifarenshiyete ndi p, T asasunthe, ndipo mupeza −R/p². N mumudifarenshiyete ndi T, p asasunthe, ndipo mupezanso −R/p². Zafanana, kotero dV ndi ekizakiti. Chifukwa chake n'chakuti M ndi ∂V/∂T kale, N ndi ∂V/∂p kale, ndipo mukasinthanitsa mukungodifarenshiyeta V yemweyo kawiri, kwina kuyambira ndi T, kwina kuyambira ndi p. Ngati fankishoni V ilipodi ndipo ndi yosalala, dongosololi silisintha yankho.

Ine m'mayeso ndinatsatira za mkulu uja. Ndinapeza ∂M/∂T = 0 ndi ∂N/∂p = 2RT/p³, ndipo ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti dV si ekizakiti, mpaka kudula mzere kunsi kwake. Mtima unkandiuza kuti china chake chalakwika, pakuti mayunitsi a zinthu ziwirizo sankayenderana n'komwe: ∂M/∂T ndi voliyumu pa temperecha kawiri, pomwe ∂N/∂p ndi voliyumu pa puresha kawiri. Ndinakhala ndikuyang'ana pepala, thukuta likunyowetsa cholembera, woyang'anira akulengeza kuti kwatsala mphindi 10, koma ndinadzilimbitsa mtima kuti wa chaka chachinayi sanganame. Funsolo linali ndi zigawo zitatu zodalirana, ndipo zonse zinapita. Titamupeza pambuyo pake anangoseka n'kunena kuti ndife amene sitinamve bwino, chonsecho zolemba zake ndi dzanja lake zinali m'kope langa. Ndalama zathu sanabweze ngakhale tambala.

Chimene chinanditsegula maso ndi ntchito imene gasi amagwira pofutukuka pang'onopang'ono, p dV. Chulukitsani dV uja ndi p:

p dV = R dT − (RT/p) dp

Apa M = R, ndiye ∂M/∂p = 0, pomwe N = −RT/p, ndiye ∂N/∂T = −R/p. Sizikufanana, choncho p dV si ekizakiti, ngakhale tangochulukitsa chinthu cha ekizakiti ndi p basi.

Usiku wina magetsi atazima ndinaziyesa ndi manambala pa kandulo, ndi R = 8.314 J/(mol K). Gasi achoke pa 300 K ndi 200 kPa, akafike pa 400 K ndi 100 kPa. Mukayamba ndi kutenthetsa puresha isakusintha, ntchito ndi R × 100, pafupifupi 831 J, kenako mukatsitsa puresha pa 400 K ntchito ndi RT ln 2, pafupifupi 2305 J, zonse pamodzi 3136 J. Mukayamba ndi kutsitsa puresha pa 300 K mupeza 1729 J, ndipo kutenthetsa kuwonjezera 831 J, zonse pamodzi 2560 J. Poyambira ndi pamodzi, pothera ndi pamodzi, koma ntchito yasiyana ndi 576 J chifukwa cha njira yokha. Voliyumu ndiye ilibe nazo kanthu za njira: ichoka pa malita 12.47 kufika pa malita 33.26, kaya mudzere uku kaya uko.

Komabe Lachisanu musataye nthawi ndi njira ziwirizi, chifukwa ln 2 adzakudyerani mphindi zanu pachabe pokhapokha funso litanena lokha kuti muwerengere. Ingolowezani pamtima kuti M wa dT apita ndi p, N wa dp apita ndi T, ndipo lembani mainasi mkati mwa N musanayambe, chifukwa mukaisiya kunja mupeza −R/p² uku ndi +R/p² uko, n'kuganiza kuti zasiyana. Ngati mwapatsidwa dp mmalo mwa dV, ndiye p = RT/V, ndipo mbali zonse ziwiri ziyenera kutuluka −R/V². Tumizani chithunzi cha zimene mwalemba muno m'gulu, tione ngati mwasochera pa kusinthanitsa kapena pa mainasi.