Pa raundabauti, sankhani njira musanalowe

"Ndikubwereka galimoto mumzinda umene sindinapitemo. Maraundabauti a njira ziwiri amandisokoneza, ndiziwerenga bwanji zikwangwani?"

Achimwene, nkhani yonse imathera pa chikwangwani chachikulu chomwe chimaikidwa musanafike pa raundabauti. Msewu umene muli umajambulidwa pansi, ndiye werengani potulukira kuyambira pamenepo, motsatira mmene magalimoto akuzungulira. Musalimbane ndi mayina onse, maso sangakwanitse. Gwirani nambala ya msewu kapena dzina limodzi, kenako nenani mokweza kuti "kachitatu".

Tinene kuti kumeneko amayendera kumanja, ndipo inu mukukhotera kumanzere. Magalimoto amazungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi, ndipo amene mukuwapatsa mpata akuchokera kumanzere kwanu. Lowani njira yakumanzere mukadali patali, pokhapokha mivi yojambulidwa pa phula ikanena zina. Mivi imeneyi imabisika pansi pa magalimoto pakakhala mdipiti, n'chifukwa chake ine ndimasiya mpata kutsogolo kuti ndiione.

Mukaphonya potulukira, zunguliraninso basi, osadula mnzanu. Komanso musananyamuke yesani ndodo ya indiketa, chifukwa pa galimoto yobwereka mwina mbali imene munazolowera kuli mawaipa.