Musathamangire kukana, ayambe akuuzani pamene achokera ndi chiwerengerocho

"Abale, a MRA anditumizira kalata kuti ndiwonjezere msonkho wa K3 miliyoni pa geni yanga ya mbewu kuno ku Mchinji. Sindikudziwa kuti aitenga kuti. Ndikane kapena ndingoyamba kulipira pang'onopang'ono?"

Achimwene, musasayine chilichonse ndipo musalembe kalata yokana muli ndi mkwiyo. Mawa lomwe lembani kalata yopempha zifukwa, akuuzeni polemba mmene awerengera. Ndikulemba apa mtima ukuchita kuthamanga chifukwa zomwezi zinandigwera ine chaka china, nyengo ya soya ili pakati.

Yanga inali K7 miliyoni, kuphatikiza chindapusa ndi chiwongoladzanja. Ndinaipereka kwa mkulu wina amene ankandilembera mabuku, munthu wa tayi, wolankhula chizungu chambiri. Anati "bwana musadandaule, izi timathana nazo daily", nkulandira K150,000 yake. Kenako zii. Foni osayankha, ukapita ku ofesi kwake akuti ali ku Lilongwe. Masiku okanira akutha, iye ali phee. Tsiku limene anatulukira anandipeza pa shedi ku Kamwendo, alimi ali pamzere ndi matumba pa njinga, mwana wapasikelo akuitana makilo, ine ndalama zogulira zili m'chikwama koma mutu uli kwina. Anatulutsa pepala m'faelo nkuti ndisayine pomwepo, pamwamba pa thumba la soya. Nditawerenga, manja anachita kuzizira. Mizere inayi basi: kuti bizinesi sinayende bwino, kuti kwacha yagwa, kuti ndili ndi ana a sukulu, chonde achotse msonkhowo. Palibe nambala ngakhale imodzi, palibe pepala lomata kumbuyo. Nditamufunsa kuti kodi K7 miliyoniyo yachokera pati, anangoti "amangolemba awa". Munthu wadya ndalama yanga koma sanafunse nkomwe! Mayi akunyumba anali pomwepo akulemba makilo m'kope, anangoika cholembera pansi nkulowa mkati osanena kanthu. Mpaka lero ndikamuona mkuluyo pa boma atanyamula kachikwama kake ndimawoloka msewu, ndipo ndikudziwa kuti akudyerabe anthu ena mwanjira yomweyo.

Kalata ngati imeneyo ndi kudandaula chabe, si kukana. Kukana kumafuna kuti uloze malo enieni amene alakwitsa ndi umboni wake. Nanga uloza pati pamene sukudziwa chimene achita?

Amene anandithandiza ndi mlamu wanga, anagwirapo ntchito ya maakaunti pa esiteti ya fodya ku Kasungu. Tinalemba tsamba limodzi lopita kwa mkulu wa MRA kudzera ku ofesi imene inatulutsa kalatayo. Pamwamba dzina, nambala yanga ya msonkho ya TPIN, nambala ya kalata yawo, tsiku limene ndinailandira ndi chaka cha msonkho chimene akunena. Pansi mafunso olunjika: ndalama zimene mukuti ndinagulitsa mwazitenga m'mapepala ati, mwa zimene ndinagulira katundu ndi ziti mwazikana ndipo chifukwa chiyani, mwagwiritsa ntchito gawo liti la lamulo, ndipo pa chiwerengero chonsechi msonkho weniweni ndi zingati, chindapusa zingati, chiwongoladzanja zingati. Tinapemphanso pepala limene anawerengerapo. Sitinatsutse kanthu, sitinavomere kanthu. Ndinapita ndi makope awiri, imodzi anandidindira chidindo cha tsiku nkubwera nayo kunyumba. Zongouzidwa pakamwa pa kauntala musadalire, mawa mupeza munthu wina pampandopo.

Yankho litabwera zonse zinaoneka poyera. Anatenga ndalama iliyonse yolowa mu akaunti yanga ya ku banki ndi ya pa foni chaka chonse, K38 miliyoni, nkuiyesa malonda. Koma mmenemo munali ngongole ya K6 miliyoni imene ndinatenga kuti ndigulire mbewu, munali K2 miliyoni imene mng'ono wanga wa ku Joni anatumiza yomangira nyumba ya amayi, munalinso K4 miliyoni imene ndinkachotsa pa foni kupita ku banki, yomwe anali ataiwerenga kale pa sitetimenti ya pa foni. Ndiye kuti K12 miliyoni sinali malonda, malonda enieni anali K26 miliyoni. Apa zinali zosavuta: kalata ya ngongole, mapepala otumizira ndalama ochokera ku Joni, ndi masitetimenti awiriwo titawayika pamodzi nkulemba mzere pa tsiku lililonse limene ndalama yatuluka uku nkulowa uko.

Chachiwiri chinali msonkho uja wa 3% umene makampani amadula akamatilipira mbewu. Kampani ina ya ku Kanengo inandigula katundu wa K20 miliyoni nkudula K600,000, koma kalaliki wawo analakwitsa TPIN yanga, ndiye ndalamayo sinkaoneka pa dzina langa. Anandizunguza awonso, lero bwerani mawa bwerani, ngati ndikupempha chithandizo pamene ndalama ndi yanga. Inu yang'anani pa Msonkho Online, tsamba la MRA la pa intaneti, ngati zimene anakudulani zikuoneka, ndipo satifiketi iliyonse ya kudulako muisunge.

Chachitatu ndiye chowawa, ndipo apa a MRA analondola. Pa K20 miliyoni imene ndinagulira mbewu, K6 miliyoni inalibe pepala lililonse, zogula pa njinga ndi pa ngolo m'midzi ya ku Mkanda, ndalama pamanja. Anaikana. Mlamu anati imeneyo tisaiyike nkomwe m'kalata yokana, ingafoole mfundo zolimba zija. Tinakana ziwiri zokha, ndipo chiwerengero chinatsika kufika pansi pa theka. Chotsalacho ndinapempha kulipira m'magawo. Pano mlimi aliyense amalembedwa dzina, mudzi, makilo ndi mtengo, nkusayina kapena kudinda chala m'buku la marisiti.

Mwina inunso zifukwa zikabwera mupeza kuti K3 miliyoni yonseyo ili m'malo mwake, monga ngati simunapereke fomu ya chaka iwo nkungoyerekeza potengera zimene makampani ananena kuti anakulipirani. Zikatero mankhwala ndi kupereka mawerengero enieni, osati kukangana. Kapena mupeza kuti cholakwika ndi chaching'ono moti ndalama yoyendera ndi yolipira wokuthandizani iposa chimene mungapulumutse.

Koma tamverani, ngakhale ndanena kuti muyambe mwafunsa, musakhale pansi kudikira yankho. Nthawi yokanira ndi masiku 30, ndipo inu muziwerenga ngati akuyendabe ngakhale kalata yofunsa yalowa. Lembani tsiku lomaliza pa khoma la shopu. Sabata yomaliza ikafika yankho lisanabwere, perekani kalata yokana ndi zimene muli nazo, mumatepo kope yodindidwa ija, munene kuti munapempha zifukwa ndipo mudzawonjezera mfundo zikadzabwera. Chiwongoladzanja nachonso sichigona, choncho gawo limene mukuona kuti ndi loona yambani kulipira. Ndipo musapite nokha, pezani wodziwa mabuku akuthandizeni kuwerenga yankholo, chifukwa limabwera m'chizungu cha malamulo. Kungoti musamulipire zonse asanakuonetseni chimene walemba, ndipo kalata yochokera ku MRA isagone kwa iye, mupatseni fotokope.