Msonkhano wa "cinco menos cuarto": ndikhale pa kompyuta nthawi yanji?

"Ndimagwira ntchito kubungwe lina la alimi kuno ku Dedza, ndipo anzathu amene amatithandiza ali ku Sipeini. Sabata yatha anandilembera kuti tilankhulane pa vidiyo mañana a mediodía. Ndinakhala pa kompyuta 12 koloko masana koma kunali zii, anadzaimba cha m'ma 3 koloko ine nditapita kumunda. Tsopano alembanso kuti: ¿Le viene bien el martes 11 a las cinco menos cuarto de la tarde, hora peninsular? Mwezi wake ndi uno wa Novembala. Ndikhale pa kompyuta nthawi yanji, ndipo ndiwayankhe bwanji kuti ndisachitenso manyazi?"

Mayi, Lachiwiri pa 11 Novembala mukhale mutatsegula kompyuta nthawi isanakwane 5:45 madzulo pa wotchi yathu ya kuno. Kwa iwo idzakhala 4:45. Ndifotokoze mmene ndaipezera nambalayi, chifukwa ulendo wina mudzawerengetsa nokha.

Ndiyambe ndi cinco menos cuarto, poti apa ndi pamene anthu amakonda kugwa. Diso limathamangira pa cinco, munthu n'kunena kuti ndi 5 koloko ndi kenakake. Ayi ndithu, 5 kolokoyo sinakwane. Ku Sipeini, ola likangopitirira theka amatchula ola limene likubwera kenako n'kuchotsapo mphindi zimene zatsala. Menos ndi kuchotsa, cuarto ndi kota, ndiye kuti 5 koloko kuchotsapo mphindi 15, yomwe ndi 4:45. Momwemonso las nueve menos diez ndi 8:50, osati 9:10. Mphindi zikakhala zowonjezera amagwiritsa ntchito y: las cinco y cuarto ndi 5:15, las cinco y media ndi 5:30.

Pali mawu awiri amene amafanana ngati mapasa, cuatro ndi cuarto. Loyambalo ndi nambala 4, lachiwirilo ndi kota, ndipo chimene chasintha ndi malo a r basi. Pa pepala mukhoza kuwasiyanitsa bwinobwino, koma pa foni, netiweki ikamadukaduka, las cuatro y cuarto imamveka ngati munthu wachita chibwibwi. Imeneyo ndi 4:15. Nazonso dos ndi doce, 2 ndi 12, zimasokoneza khutu losazolowera.

Tsopano za sabata yatha zija. Musadziimbe mlandu kwambiri, inu munatsatira zimene dikishonale imanena, yakuti mediodía ndi 12 koloko masana. Koma m'kamwa mwa munthu wa ku Sipeini mawuwa nthawi zambiri amaloza nthawi ya nkhomaliro, ndipo nkhomaliro kumeneko imadyedwa cha m'ma 2 kapena 3 koloko. Mnzanuyo ayenera kuti anali ndi 2 koloko m'mutu mwake. Onjezeranipo ola limodzi losiyana pakati pa iwo ndi ife mu Novembala, mupeza 3 koloko imene anaimbira ija. Kwa iye sanachedwe ngakhale pang'ono, mwina anadabwanso kuti mayiwa alowera kuti. Munthu akadzakuuzaninso a mediodía musadzavomere zili choncho, mudzamufunse nambala: ¿A qué hora exactamente?, kutanthauza kuti nthawi yeniyeni ndi iti.

Nkhomaliro yochedwayi imakankha tsiku lonse. Ife tili ndi m'mawa, masana, madzulo ndi usiku, ndipo dzuwa likangolowa cha m'ma 6 koloko timadziwa kuti kwada. Iwo mañana yawo imatalika mpaka atadya, ndipo tarde imanyamula masana ndi madzulo pamodzi mpaka cha m'ma 8 koloko. Las ocho de la tarde ndi mawu abwinobwino ku Madrid, makamaka m'chilimwe chawo pamene dzuwa limakhala likadali pamwamba nthawi imeneyo. Ndiye wina akati tikumane por la tarde, musaganize za 2 koloko. Akhoza kukhala akuganiza 6 kapena 7, nthawi imene inu ku Dedza mwavala kale juzi ndipo nsima ili pamoto. Usiku ndi noche, ndipo maola a pakati pa usiku mpaka m'bandakucha ali ndi dzina lawolawo, madrugada. Ndege yonyamuka a las tres de la madrugada imanyamuka 3 koloko tambala asanalire.

Mañana yokhayo ndiye sititaya nayo nthawi, chifukwa Chichewa chinatikonzekeretsa kale. Monga ife tili ndi mawa ndi m'mawa, iwo liwu limodzi lomwelo limagwira zonse ziwiri. Likaima palokha ndi mawa, likakhala ndi kaliwu kakuti la patsogolo pake ndi m'mawa. Mañana por la mañana ndi "mawa m'mawa" ndendende, ndipo pasado mañana ndi mkuja. Katchulidwe kake n'kosavutanso: chilembo cha ñ ndi ny wathu wa mu nyama, ndiye mumati "manyana".

Hora peninsular ndi nthawi ya chigawo chachikulu cha dzikolo, kumene kuli Madrid, Barcelona ndi Valencia. Amatchula choncho chifukwa zilumba za Canarias zimatsalira ndi ola limodzi chaka chonse. Chimene chikukukhudzani inu n'chakuti Sipeini imasintha mawotchi kawiri pa chaka pamene ife sitisintha. Kuyambira Lamulungu lomaliza la Malichi mpaka Lamulungu lomaliza la Okutobala, wotchi ya ku Madrid imafanana ndi ya ku Lilongwe, Lusaka ndi Harare. Miyezi yotsalayo iwo amakhala kumbuyo kwathu ndi ola limodzi. Novembala ali m'miyezi yotsalayo, n'chifukwa chake 4:45 yawo yasanduka 5:45 yathu. Ngati munkalankhulana nawo bwinobwino mu Seputembala popanda kuwerengetsa chilichonse, chimene chasintha ndi chimenechi. Mu Epulo mudzasiyenso kuwonjezera olalo.

Pa tsiku palibe zambiri zovuta. Martes ndi Lachiwiri, ndipo el martes 11 ndi "Lachiwiri pa 11". Salowetsapo kaliwu kena kofanana ndi "pa" wathu, el yekhayo ndi wokwanira. Koma muziyang'ana ngati alemba el kapena los, chifukwa el martes ndi Lachiwiri limodzi pamene los martes ndi Lachiwiri lililonse, ndipo mukhoza kuvomera msonkhano wa sabata ndi sabata musakudziwa. Deti amalemba ngati mmene timalembera ife, tsiku patsogolo mwezi pambuyo: el 3 de abril, kapena 03/04. Mayina a masiku ndi a miyezi amayamba ndi chilembo chaching'ono, choncho musaganize kuti mnzanuyo analemba mothamanga.

Ine ndinapusa pa kakhadi. Ndili kumeneko, mlembi wa pachipatala china cha mano anandilembera tsiku lobwerera: "X 14, 10:30 h". Ndinaona X uja ngati kachizindikiro kongosonyeza pamene pali deti, ndipo poti pakamwa ndinali nditamva ngati martes, ndinapita Lachiwiri, lomwe linali pa 13. Mayi uja anandiyang'ana mondimvera chisoni n'kuloza kalendala ya pakhoma. Pamwamba pake panalembedwa L M X J V S D. Martes ndi miércoles onse amayamba ndi M, ndiye Lachitatu analipatsa X kuti asasokonezeke. Chikhala kuti ndinayang'ana nambala 14 pa kalendala, sindikanawononga ndalama ya basi. Kuchokera tsiku limenelo ndimafuna zonse ziwiri, dzina la tsiku ndi nambala yake, ndipo ndimaona ngati zikugwirizana. Inunso tsegulani kalendala muone ngati pa 11 ndi Lachiwiri ndithu. Zikapanda kugwirizana ndiye kuti wina walakwitsa, ndipo ndi bwino zidziwike lero.

N'chifukwa chomwechi sindikonda el próximo viernes kapena el viernes que viene. Mukawamva Lachitatu, simungadziwe ngati ndi Lachisanu la mkuja kapena la sabata yamawa, ndipo eni chilankhulo amatsutsananso okhaokha pa zimenezi. Dentro de quince días nayo ili ndi msampha: mawuwo akunena masiku 15, koma amatanthauza masabata awiri, tsiku lomwelo la sabata.

Poyankha, chimene ndingakulangizeni ndi kubwereza nthawi yonse m'manambala, pa wotchi ya maola 24, n'kulemba nthawi za mbali zonse ziwiri. Iwo anazolowera kale wotchi imeneyi pa matikiti a sitima ndi m'makalata a kuofesi, choncho saona zachilendo. Lembani motere:

Sí, me viene bien. Confirmo: martes 11 de noviembre, a las 16:45, hora peninsular (17:45 en Malaui).

Mwatero mwanena kuti nthawiyo ili bwino kwa inu, mwatsimikiza tsiku, ndipo ngati wina wawerengetsa molakwa aonera pomwepo. Ngati 5:45 yakuchedwerani, poti nthawi imeneyo maofesi kuno amakhala atatseka ndipo mwina mumadalira intaneti ya kuntchito, pemphani nthawi yofulumirirapo:

Esa hora no me viene bien. ¿Podría ser a las 12:00, hora peninsular (13:00 en Malaui)?

Pewani kuwapempha nthawi ya pakati pa 2 ndi 4 koloko pa wotchi yawo, chifukwa ambiri amakhala ali pa nkhomaliro. Onaninso kuti anakulemberani le viene, osati te viene. Le ameneyu ndi waulemu, wofanana ndi "inu" wathu, ndiye nanunso pitirizani choncho mpaka iwo atayamba okha kukutchulani tú, yemwe ndi "iwe" wathu. Ku Sipeini sachedwa kutero, mwina pa msonkhano woyamba womwewo, ndipo si chipongwe.

Pa vidiyopo, mukamadzapangana za ulendo wotsatira, mudzafunika timawu tiwiri tokha. 1 koloko yokha ndi imene imatenga a la una, maola ena onse ndi a las: a las dos, a las once. Ndipo mukadzamva sobre las cinco dziwani kuti ndi "cha m'ma 5", pamene a las cinco en punto ndi 5 koloko yeniyeni. Mukapanda kumva bwino nenani ¿Me lo puede escribir, por favor?, akulembereni pomwepo m'kabokosi ka mauthenga.

Zonsezi ndafotokoza ndi za ku Sipeini. Mukadzapeza anzanu a ku Mekisiko kapena ku Kolombiya, 4:45 yomweyi mudzaimva kuti un cuarto para las cinco, kota kuti ikwane 5, ndipo mediodía kumeneko imayandikira 12 koloko imene inu munadikira ija. Mzinda wa Mekisiko unasiya kusintha mawotchi mu 2022 ndipo uli kumbuyo kwathu ndi maola 8, choncho 9 koloko yawo ya m'mawa imakupezani 5 koloko madzulo ku Dedza.