Chikwama chakuda, pepala loyera ndi zenera limodzi

"Abale, ndithandizeni nzeru. Ndimagulitsa zikwama za amayi ndi nsapato za kaunjika, nthawi zina zitenje. Ndikajambula ndi foni yanga zithunzi zimatuluka zamdima, zina zachikasu, ndiye kasitomala akabwera amati mtundu wake si umene anaona pa chithunzi. Kodi ndigule foni ina?"

Achemwali, ndalama ya foniyo iyambe yakhala kaye. Kamera ya foni ili ndi kadiso kakang'ono kwambiri, ndipo kuwala kukachepa imayesetsa kudzithandiza yokha: imachedwa kutseka, ndiye dzanja likangogwedezeka pang'ono chithunzi chimachita mbuu, komanso imadzaza timadontho ngati mchenga m'malo akuda. Foni yomweyo mukaipatsa kuwala kokwanira imaonetsa mpaka ulusi wa msoko. Ndiye ntchito yaikulu ili pa malo ojambulira, osati pa foni.

Pezani zenera lalikulu m'nyumbamo limene dzuwa silikulowa mwachindunji pa nthawi imene mukujambula. Ngati zenera linayang'ana kum'mawa, jambulani dzuwa litapendeka. Ngati linayang'ana kumadzulo, jambulani m'mawa. Chimene mukufuna ndi kuwala kwa thambo, osati dzuwa lenilenilo, chifukwa dzuwa likamenya chikwama chachikopa limasiya malo onyezimira oyera mbee ndi mthunzi wakuda bii, ndipo zitsulo zotchinga akuba za pazenera zimajambula mizere pa katundu wanu. Tsiku la mitambo ndi labwino kwambiri pa ntchito imeneyi. Zikavuta kuti dzuwa likulowabe, pachikani nsalu yoyera yopyapyala pazenerapo, kaya shiti yogonera kaya neti yoyera ya udzudzu yopinda pawiri. Ikhale yoyera ndithu. Neti yobiriwira kapena katani wofiira amathira mtundu wake pa chilichonse chimene chili patebulo. Ngati mazenera anu ndi ang'onoang'ono, khomo lotsekula kapena khonde la mthunzi limagwira ntchito yomweyo.

Kenako zimitsani babu. Apa ndi pamene pamachokera chikasu chija. Kuwala kwa babu ndi kwa pazenera n'kosiyana mtundu: mababu ambiri amapendekera ku chikasu, ena ku buluu, pamene foni imatha kukonza mtundu umodzi wokha pa chithunzi chimodzi. Ikakonza za pazenera, mbali imene yawalitsidwa ndi babu imachita chikasu. Fulashi ya foni nayonso izimitsidwe, musaisiye pa Auto. Fulashi imamenya katundu kuchokera kutsogolo, n'kuphwetsa maonekedwe ake onse, chikwama n'kumaoneka ngati chodulidwa pa pepala.

Tsopano tebulo. Likankhireni pafupi ndi zenera, katundu akhale pa mtunda wa theka la mita mpaka mita imodzi. Kuwala kwa pazenera kumachepa msanga mukamatalikira, mwakuti pakati pa chipinda maso anu amaona ngati mukuwala koma foni ili kale mumdima. Zenera likhale kumbali yanu, kumanja kapena kumanzere. Likakhala kumbuyo kwa katundu, foni imayeza kuwala kwa panja ndipo chikwama chimangotsala chithunzithunzi chakuda. Likakhala kumbuyo kwanu, thupi lanu lomwe limatchinga kuwala ndipo mthunzi wa mutu wanu umagwera pa nsapato. Kuwala kochokera kumbali ndi kumene kumaonetsa kuti chikopa n'chosalala kapena chili ndi timizere, kuti nsalu ndi yokhuthala kapena yopyapyala, zinthu zimene kasitomala akanazikhudza ndi dzanja akanakhala pamsika.

Za kumbuyo kwa katundu, gulani pepala lalikulu loyera lolimbirako m'sitolo yogulitsa zolembera, lija aphunzitsi amalembapo matchati. La saizi ya A1 ndi pafupifupi masentimita 59 m'lifupi ndi 84 m'litali, ndipo limakwana nsapato kapena chikwama chaching'ono. Pa chikwama chachikulu lumikizani awiri. Matani mbali imodzi pakhoma ndi selotepi, mbali inayo igone patebulo, pakati pakhale popindika mwa uta, osalikhwinyata. Mukatero mzere wa pamene tebulo lakumana ndi khoma suoneka. Katundu asagunde pepala la kumbuyolo, m'kokereni kutsogolo ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuti mthunzi wake usakwere khoma. Ambiri amayala chitenje cha maluwa kapena kujambula pabedi, koma maso a wogula amasokonezeka, ndipo foni nayo nthawi zina imalunjika pa maluwawo n'kusiya nsapato ili mbuu. Shiti yoyera ingathandize ngati mwaisita bwino, pakuti kuwala kwa kumbali kumaonetsa khwinya lililonse.

Mbali ya katundu imene yafulatira zenera imakhala ndi mdima. Tengani katoni, matanipo pepala loyera, n'kuiimika mbali imeneyo moyang'anizana ndi zenera, pafupifupi masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pa katundu, kunja kwa chithunzi. Imabweza kuwala. Yang'anani pa sikirini uku mukuisendeza: mukaiyandikiza mthunzi ukufewa, mukaitalikiza ukuda. Musauchotseretu, kamthunzi pang'ono ndi kamene kamaonetsa kuti chinthu chakhala pansi, sichikuyandama.

Tiyeni titenge chikwama chakuda chachikopa, chifukwa ndi chimene chimavuta kuposa zonse. Chipukuteni fumbi kaye, pakuti pa chikopa chakuda kafumbi kalikonse kamaoneka, ndipo muikemo nyuzipepala zokwinya kuti chiime mmene chimakhalira chikanyamulidwa. Lamba musamusiye ali lendelende, m'zungulizeni bwino kutsogolo kapena m'biseni kumbuyo. Pukutaninso galasi la kamera ndi kansalu kofewa. Foni yokhala m'thumba kapena m'manja a munthu amene wadzola mafuta imakhala ndi mafuta pagalasipo, ndipo chizindikiro chake n'chakuti chithunzi chimaoneka ngati muli nkhungu, makamaka mozungulira zipi ndi zitsulo zonyezimira.

Mukaloza foni, mudzaona kuti pepala loyera lija laoneka lotuwa ndipo chikwama changokhala chibulumwa chakuda chopanda msoko. Chifukwa chake n'chakuti foni ikaona zoyera zambiri imaganiza kuti kwawala mopyola, ndiye imadetsa chithunzi chonse. Dinani pa chikwamacho ndi chala. Pamatuluka kabokosi kapena kabwalo, pambali pake kachizindikiro ka dzuwa. Kasuntheni pang'onopang'ono mpaka msoko ndi timizere ta chikopa zioneke, n'kulekera pomwepo. Mukapyoza, chakuda chimasanduka chotuwa ngati chasuluka, ndipo m'mphepete mwa chikwama mumayamba kudyedwa ndi kuyera kwa pepala. Pa mafoni ambiri mukadina n'kugwiritsa kwa kanthawi, foni imatseka muyezowo kuti usasinthe. Pa iPhone pamalembedwa AE/AF Lock. Mukaona chigamba choyera chonyezimira pa chikopa, ndiye zenera likudzionera pamenepo ngati pagalasi. Tembenuzani chikwama pang'ono, kapena sunthani inuyo phazi limodzi, chigambacho chithawira m'mphepete. Ndipo ngati mwavala bulauzi yofiira, idzaonekera pa chitsulo cha loko ndi pa nsapato zopolishidwa, choncho valani choyera, chotuwa kapena chakuda.

Musaikanikize foni pafupi. Kamera yaikulu ya foni imaona motambalala, ndiye chimene chayandikira chimatupa: mphuno ya nsapato imakula, chidendene n'kuchepa, chikwama chojambulidwa kuchokera m'mwamba chimaoneka chachikulu kukamwa, chopanikizika pansi. Bwererani m'mbuyo ngati mita imodzi, tsitsani foni ifanane msinkhu ndi pakati pa chikwama, ndipo iime chilili osapendama. Mukayatsa Grid m'makonzedwe a kamera, mizere yake ikuthandizani kuwongola. Mukhoza kudina 2x, koma musapitirire pamenepo, chifukwa pa mafoni ambiri otsika mtengo kukokera chinthu pafupi kumangotambasula chithunzi chomwecho n'kuchiwononga. Kuti dzanja lisagwedeze, tsamiritsani foni pa mulu wa mabuku ndi kuika Timer pa masekondi 3. Mukajambula, tambasulani chithunzi ndi zala ziwiri muone zipi. Ngati mano ake akuwerengeka, chili bwino. Ngati sakuwerengeka, jambulaninso pomwepo musanachotse katundu.

Nsapato zoyera zimafuna zosiyana: pa pepala loyera zimasowa malire, ndiye ziikeni pa pepala lotuwa.

Pa nkhani ya mtundu wa chitenje pali msampha wina. Chitenje chofiira kapena cha olenji chikadzaza chithunzi chonse, foni imaganiza kuti kuwala ndiye kwafiira, n'kuyamba kuchotsa kufiirako, ndipo nsalu imatuluka yozilala kapena yopendekera mtundu wina. Siyani kachigawo ka pepala loyera kakuonekera m'mphepete kuti foni ikhale ndi poyezera, mudzakadula pambuyo pake. Zimitsani Beauty ndi zonse zokometsera mitundu. Mukatha, ikani foni pambali pa chitenjecho pazenera pomwepo n'kufananiza ndi maso, koma onetsetsani kuti Eye Care, Night Light kapena Night Shift ndi yozimitsa, chifukwa imachititsa sikirini kukhala yachikasu ndipo mungakonze chinthu chimene sichinalakwike. Mitundu ya pepo ndi buluu wodera ndi imene mafoni amaphonya kawirikawiri. Ikakanika ndithu, lembani pansi pa chithunzi kuti mtundu weniweni ndi wodera kuposa apa. Kulemba choncho sikuthawitsa wogula. Chomuthawitsa ndi kulipira thiransipoti n'kudzapeza china.

Chikwama chimodzi chijambuleni kanayi kapena kasanu: kutsogolo, chammbali, m'kati chili chotsekula, pansi, ndi chimodzi chokhala ndi tepi yoyezera itagonekedwa m'lifupi mwake kuti funso loti "n'chachikulu bwanji" lisabwere. Pa nsapato onjezani kupansi kwake ndi nambala ya saizi. Popeza ndi katundu wa kaunjika, ngati pali pokalika kapena pamene ulusi wasomphoka, pajambuleni pafupi. Musayandikire kupyola masentimita 10, chifukwa makamera ambiri amalephera kulunjika pafupi choncho.

Potumiza, WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti chisadye bandulo, ndipo timizere ta chikopa tija timatayika. Mukamatumizira kasitomala, dinani HD pamwamba musanatumize, kapena tumizani ngati Document kuti chipite mmene chilili. Nthawi zonse tengani chithunzi choyambirira cha mu foni mwanu, osati chimene chadutsa kale m'magulu awiri atatu kapena chojambula sikirini. Pojambula siyani mpata kuzungulira katundu mbali zonse zinayi, chifukwa Marketplace ya pa Facebook imaonetsa zithunzi pa mndandanda zitadulidwa mwa mbali zinayi zofanana, ndipo chikwama chimene chadzaza chithunzi chonse chimaduka zogwirira zake.