Kulemba maminitsi a mlandu wa mphunzitsi wochedwa pantchito

Funso: Ndine kalaliki pa sukulu ina yomwe si yaboma kuno ku Mzuzu. Andiuza kuti ndikalembe maminitsi pomwe komiti ikumva mlandu wa mphunzitsi amene akuti amachedwachedwa. Ndilembe bwanji kuti ndisaoneke wokondera?

Yankho: Ntchito yanu ndi kulemba zomwe zanenedwa ndi zomwe zaonetsedwa. Kugamula n'kwa komiti.

Pamwamba ikani tsiku, malo, nthawi yoyambira, mayina ndi maudindo a onse amene alipo. Lembaninso tsiku lomwe mphunzitsiyo analandira kalata yomuitana, ngati mlandu wawerengedwa pamaso pake, ndi yankho lake. Gawo 57 la lamulo la za ntchito la 2000 limati munthu asachotsedwe ntchito chifukwa cha khalidwe asanapatsidwe mpata wodziteteza, ndipo gawo 61 limasenzetsa bwana udindo woonetsa chifukwa chomuchotsera. Nkhani ikakafika ku ofesi ya leba kapena ku khoti la za ntchito, pepala lanulo ndi lomwe lidzayankhule.

Ambiri amalakwitsa posankha mawu. Tiyerekeze kuti nthawi yofikira ndi 7:15. Musalembe kuti "zinaonekeratu kuti ndi wochedwa nthawi zonse". Lembani kuti: "Ahedi anaonetsa buku losainira, lomwe likusonyeza 7:50 Lolemba, 8:05 Lachitatu ndi 7:40 Lachisanu," n'kuika deti la tsiku lililonse. Mphunzitsi akayankha kuti Lachitatulo kunagwa chimvula ndipo a kabaza anakana kulowa m'matope ku Mchengautuwa, lembani kuti "anati", osati "ananamizira mvula". Mawu ngati "anavomera" samalani nawo kwambiri. Munthu akhoza kuvomera kuti anafikadi 8:05 koma n'kunena kuti anaimbira foni achiwiri kwa ahedi kupempha chilolezo. Mukangolemba kuti "anavomera mlandu", mwamudulira chitetezo chake chonse. Ngati achiwiriwo sanaitanidwe kudzafunsidwa za foniyo, lembani kuti sanaitanidwe.

Ahedi akatchula kuti anamuchenjezapo kale, maminitsi aonetse ngati linali chenjezo la pakamwa kapena la kalata, komanso ngati kalatayo yabwera patebulo. Wina akayankhula m'Chitumbuka, zomwe sizachilendo kuno, tchulani amene watanthauzira.

Chigamulo cha komiti ndi zifukwa zake zikhale pa tsamba lapadera.

Pomaliza muwerengereni mphunzitsiyo zonse, akonze pomwe akuti simunamumve bwino. Pokonza musafufute, dulani mzere umodzi kuti zakale zizionekabe, nonse musaine pambali. Akakana kusaina musamukakamize, ingolembani kuti wakana pamaso pa mboni, mumupatse kope lake. Ngati atachotsedwa ntchito, ali ndi miyezi 3 yokadandaula ku ofesi ya leba, choncho buku losainira lija lisungidwe pamodzi ndi maminitsiwo.